Kufewetsa masilaidi a zachuma: phindu la koparetivi liwerengedwe pa thumba limodzi

Akauntanti wakutumizirani lipoti la chaka la koparetivi yanu ya alimi a soya. Ndi masilaidi 24 a PowerPoint, onse m'Chingerezi, odzaza matebulo, ndipo msonkhano waukulu wa mamembala uli Loweruka likubwerali m'kalasi ya sukulu ya pulayimale. Mwa anthu 100 amene adzakhale pamabenchi paja, ambiri analekeza Sitandade 4 kapena 5. Ena, makamaka achikulire amene anakula sukulu ya pulayimale isanakhale yaulere mu 1994, sanapondeko n'komwe. Komatu anthu omwewa ndi amene amayendetsa banki mkhonde chaka chonse osasokoneza ndalama ya munthu, amakangana ndi venda pa sikelo, ndipo pa bawo amaona kumene nkhomo yomaliza ikagwere asanaigwire. Masamu amawadziwa. Chimene chimawatsekera kunja ndi chilankhulo cha akauntanti.

Manambala amene ndigwiritse ntchito apa ndi achitsanzo, ndawasalaza dala kuti tiyende nawo bwino. Mtengo wa soya umasintha chaka ndi chaka, choncho inu mudzaikemo anu.

Choyamba: funsani chimene anthu akudzagamula

Musanatsegule laputopu, khalani pansi ndi wapampando ndi msungichuma, muwafunse kuti pakutha pa msonkhanowo mamembala akweza manja pa nkhani yanji. M'chitsanzo chathu nkhani ndi imodzi: phindu la chaka chino ligawidwe lonse, kapena lina litsale m'gulu kuti chaka chamawa tisakongole zambiri? Lembani funso limenelo papepala, mulike pambali pa laputopu. Kenako dutsani masilaidi onse 24, pa iliyonse muzidzifunsa ngati munthu angalephere kuvota mwanzeru atapanda kuiona. Mudzapeza kuti zofunika zenizeni ndi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri.

Zotsalazo musazifufute. Dinani silaidiyo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Hide Slide, izikhala pomwepo koma yosaoneka pamsonkhano. Pagulu lililonse pamakhala mphunzitsi wopuma kapena mnyamata wa Fomu 4 amene amafunsa za tebulo lenileni, ndipo mukakhala kuti mulibe, mawa kuchitsime imveka yoti komiti ikubisa.

Chachiwiri: muyambe mwamvetsa inuyo

Chinthu chimene simunachimve simungachifewetse, mungochifupikitsa. Imbirani akauntantiyo, ngakhale muwononge mayunitsi, akufotokozereni mzere uliwonse umene mwasunga. Pali misampha iwiri imene imagwira ngakhale anthu ophunzira. Woyamba ndi kachizindikiro kakang'ono ka K'000 pamwamba pa tebulo, kamene kamatanthauza kuti nambala iliyonse yadulidwa maziro atatu. Pamene palembedwa 39,000 ndi K39,000,000. Ine ndinaonapo msonkhano ukusanduka bwalo la milandu chifukwa cha kachizindikiro kameneka: bambo wina anawerenga kuti soya yense wa gulu wagulitsidwa ndalama yosakwana thumba limodzi, ndipo asanayankhidwe theka la anthu linali litaimirira kale. Msampha wachiwiri ndi nambala yotsekeredwa m'mabulaketi. Kwa akauntanti, (400,000) ndi ndalama yochotsera kapena yoluza. Kwa wina aliyense ndi 400,000 basi. Pa masilaidi anu atsopano lembani maziro onse, ndipo mabulaketi asapezekepo.

Chachitatu: sandutsani mamiliyoni akhale thumba

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mlimi wa maekala awiri sanagwirepo K39,000,000, ndiye mukamuuza nambala imeneyi chimene amamva n'chakuti gulu lili ndi ndalama zankhaninkhani ndipo wina akudya. Koma thumba la makilogalamu 50 amalidziwa kulemera kwake, analinyamula yekha panjinga. Sankhani muyeso umodzi wotere ndipo musausinthe mpaka kumapeto. Mukayamba ndi thumba, kenako kilogalamu, kenako tani, anthu amatayika pakati panjira. Gulu la mkaka lingatenge lita, la chigayo lingatenge ndowa.

Lipoti lathu likuti gulu linagula kwa mamembala matumba 800 pa K40,000 thumba limodzi, zonse K32,000,000. Linagulitsa pa K50,000 thumba, koma posankha ndi pouma soya anachepa ndi matumba 20, choncho ogulitsidwa anali 780 ndipo ndalama yake ndi K39,000,000. Zowonongedwa zina zonse zinakwana K5,600,000, phindu lotsala K1,400,000. Tsopano gawani mzere uliwonse ndi 800, chifukwa 800 ndiwo matumba amene anthu anabweretsa ndipo aliyense akudziwa angati anali ake. Mu Excel, ngati ndalama ili mu B2, lembani izi mu C2 n'kukokera pansi:

```
=ROUND(B2/800,0)
```

Zikatero nkhani ya chaka chonse imakwana pakamwa pa munthu mmodzi. Thumba tinakugulani K40,000, tinakagulitsa K50,000. Pakatipa pali K10,000, ndipo membala aliyense anaiwerengetsa kale ali kunyumba, n'chifukwa chake wabwera ndi nkhope yofunsa. Ntchito yanu ndi kumuonetsa kumene K10,000 imeneyo yapita: K1,250 yapita ndi matumba 20 aja amene anachepa, omwe ndi K1,000,000 yogawidwa ndi 800, K2,000 ndi ya lole, K1,000 ndi ya matumba opanda kanthu, ulusi ndi mankhwala, K1,500 ndi lendi ya nyumba yosungiramo pamodzi ndi malipiro a mlonda ndi kalaliki, K2,000 ndi chiwongola dzanja cha ngongole, K500 ndi kutha kwa makina opunthira. Zonse pamodzi K8,250. Yotsala pa thumba lililonse ndi K1,750.

Musanapitirire, chulukitsani mobwerera. K1,750 kuchulukitsa ndi 800 ikubwera K1,400,000, yofanana ndi ya akauntanti. Zikapanda kufanana ndiye kuti mwasiya mzere wina kapena mwagawa ndi 780 penapake. Manambala anu enieni sadzagawika bwino ngati awa, ndipo mukhoza kusalaza K1,247 ikhale K1,250, koma muzinena kuti "pafupifupi", ndipo nambala yomaliza ya phindu ikhale yeniyeni. Kufewetsa kukafika posintha ndalama kwasanduka bodza.

Taonani chimene chasowa: maperesenti. Silaidi ya akauntanti yolembedwa Net Profit Margin 3.6% ikunena zomwezo, koma palibe angapite nayo kunyumba. Pamene mayi amene anabweretsa matumba 8 akamva K1,750, amayamba kuwerenga zala pansi pa chitenje, ndipo musanamalize kulankhula wapeza kale K14,000.

Chachinayi: miyala 40 m'malo mwa tchati chozungulira

Akauntanti amakonda tchati chozungulira chodulidwa ngati keke, chamitundu isanu ndi iwiri, ndi kabokosi pambali kofotokoza mtundu uliwonse. Kuti munthu achiwerenge ayenera kuyang'ana mtundu, kupita kukabokosi, kuwerenga timalemba, n'kubwereranso. M'kalasi yopanda makatani, dzuwa la masana likamenya pakhoma, wobiriwira ndi wabuluu sasiyananso.

Tolani miyala 40 yofanana kukula, kapena zitsekerero za mabotolo. Uliwonse ukuimira K250, ndiye yonse ndi K10,000 ija. Itanani membala mmodzi, osati wa mukomiti, adzaichotse yekha patebulo pamaso pa anthu: isanu ya soya wochepa, isanu ndi itatu ya lole, inayi ya matumba, isanu ndi umodzi ya lendi ndi antchito, isanu ndi itatu ya ngongole, iwiri ya makina. Patebulo patsala isanu ndi iwiri. Milu isiyeni pomwepo mpaka msonkhano utatha, chifukwa anthu amayamba kuloza okha. Wina adzaona kuti mulu wa ngongole ndi waukulu kuposa umene watsalira alimi, ndipo akanena zimenezo ndiye kuti mwafika pa funso la tsikulo popanda inu kukankha munthu. Silaidi yake ingokhala chithunzi cha milu yomweyo, dzina la mulu ndi ndalama yake pansi.

Chachisanu: mawu atatu amene amavuta

Mawu ambiri a m'lipoti ali ndi anzawo a tsiku ndi tsiku ndipo sachedwetsa. Capital ndi mpamba, Collateral ndi chikole, Revenue ndi ndalama zonse zimene tagulitsa, Expenses ndi zimene tawononga. Atatu okha ndi amene amafuna chitsanzo, ndipo chitsanzo chili ndi vuto lake: chimabwera ndi katundu wake amene inu simunamuitane. Musanachigwiritse ntchito, chitsatireni mpaka kumapeto muone ngati sichikaphunzitsa chinthu cholakwika.

Tiyambe ndi chiwongola dzanja. Liwulo aliyense amalidziwa, vuto ndi nthawi yake. Gulu linakongola K10,000,000 yowonjezera pa mpamba wogulira soya, pa 4 peresenti pamwezi, kwa miyezi inayi, ndipo linabweza yonse kumapeto. Silaidi yalemba 48% per annum. Mayi wa banki mkhonde amene kugulu kwawo amabwereketsana pa 20 peresenti akaona 48 adzati komiti inapita kukatapila, chonsecho 20 yakeyo ndi ya mwezi umodzi pamene 48 ndi ya chaka chathunthu. Chotsani maperesenti onse awiri muike ndalama imene munthu angaigwire m'manja, ndi nthawi yofanana. "Pa K10,000 iliyonse imene tinakongola, mwezi ukatha timaonjezerapo K400. Miyezi inayi itatha tinabweza K11,600. Kubanki mkhonde ya 20 peresenti, K10,000 yomweyo imabala K2,000 mwezi umodzi wokha." Mukafika apa wina adzayankha kuti chiwongola dzanja cha banki mkhonde chimabwerera kwa eni ake pogawana, pamene cha kubanki chimapita osabwerera. Akunena zoona, muvomereni. Ndi pamenepo pomwe chitsanzochi chathera, musachikokere patali.

Lachiwiri ndi Depreciation, ndipo ili ndi limene ine linandigwetsapo. Gulu linagula makina opunthira a K2,000,000 amene akuyembekezeka kugwira ntchito zaka zisanu, choncho akauntanti amachotsa K400,000 chaka chilichonse. Ndinafotokoza pamsonkhano wina kuti ndi "ndalama yosungira makina atsopano". Zinamveka bwino zedi, anthu anagwedeza mitu. Chaka chotsatira gogo wina anaimirira nati, "Pepani achimwene, ndalama ya makina munkati mukusunga ija ili kuti? Tiione." Kunalibe. Ndalama imeneyi sikhala m'bokosi lililonse pokhapokha gulu litagwirizana mwapadera kuti liziika padera. Inatuluka kalekale tsiku logula makina, ndipo akauntanti akungoigawa pa zaka zisanu kuti chaka chimodzi chisasenze mtolo wonse.

Chitsanzo chimene sichinama ndi khasu. Mwagula khasu latsopano, mwalimira dzinja limodzi, ziwiri, zitatu, mpaka latsala kachitsulo kopalira anyezi. Silinathe tsiku logula ndipo silinathe tsiku lotaya, dzinja lililonse ladyako pang'ono. Mlimi wowerenga bwino phindu la chimanga cha chaka chino amachotsako gawo la khasu limene dothi ladya chaka chino, ngakhale sanatulutse ndalama ina m'thumba. Mutu wa silaidi ukhale "Kutha kwa makina", ndipo muwonjezere ndi pakamwa panu kuti ndalamayi sinasungidwe pena paliponse. Pewani chitsanzo cha njinga ya kabaza. Anthu amathamangira ku matayala ndi tcheni, zimene ndi ndalama zokonzetsera, mzere wina wake.

Lachitatu ndi Accounts Receivable, ndipo ndi loopsa kwambiri pa tsiku la msonkhano. Wogula wina anatenga matumba 60 ndipo sanalipirebe K3,000,000. M'mabuku ndalamayo yawerengedwa kale ngati yogulitsa, n'chifukwa chake phindu likuoneka K1,400,000. Koma ngongole ya munthu mmodziyo ikuposa phindu lonse kawiri. Anthu akangomva kuti phindu lilipo adzafuna kugawana lero lomwe, ndipo msungichuma akati ndalama sinafike, mbiri yake yathera pomwepo. Tengani mayi wogulitsa mandasi pasukulu. Aphunzitsi amatenga pangongole kuti adzalipira mwezi ukatha. M'kope mwake wagulitsa beseni lonse ndipo wapindula, koma m'mawa mwake alibe yogulira ufa ndi mafuta. Aliyense m'chipindamo anakhalapo mayi ameneyo kapena mphunzitsi ameneyo. Silaidi imeneyi ibwere pompo pambuyo pa ya phindu, pasakhale china pakati, ndipo inene zinthu zitatu: ali ndi ngongole yathu ndani, ya matumba angati, walonjeza kulipira liti. Munenenso poyera kuti akapanda kulipira, phindu lija lisanduka kuluza kwa K1,600,000. Sizokoma kumva, koma ndi ndalama zawo.

Kanthu kena kapambali. Ngati lipoti likuyerekeza phindu la chaka chino ndi la zaka zapitazo, samalani ndi mzere wokwera umene ukuoneka ngati gulu likulemera. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero miliyoni ya kale ndi ya lero si imodzi. Simukufunika liwu lililonse lalikulu. Ingolembani kuti phindu la chaka chakuti likanagula matumba angati a feteleza pa mtengo wa nthawi imeneyo, la chaka chino ligula angati. Mitengoyo alimi amaikumbukira kuposa inu.

Chachisanu ndi chimodzi: kumanga masilaidi

Tsopano mwatsala ndi zisanu ndi ziwiri: matumba amene tinasonkhanitsa, mtengo wogulira ndi wogulitsira, kumene K10,000 yapita, ngongole imene tinatenga, phindu pa thumba, ndalama imene sinafike, ndi funso lovotera. Mutu wa silaidi iliyonse ukhale chiganizo chonena yankho, monga "Pa thumba lililonse tatsala ndi K1,750", osati "Phindu" chabe. Malemba asachepere saizi 32, akuda pa poyera. Zithunzi zikhale zanu zomwe mwajambula ndi foni: thumba lenileni, lole imene inabwera, makina ali pakhonde la nyumba yosungiramo. Tizithunzi ta pa intaneti ta kankhumba kosungiramo ndalama anthu adzakufunsani kuti gulu layamba liti kuweta nkhumba. Musalembe 1.4m, chifukwa kadontho kamasokoneza. Lembani K1,400,000, ndipo potchula muitchule monga mmene anthu amatchulira ndalama pamsika.

Silaidi yomaliza imafuna dzanja losakondera. Njira yoyamba: tigawane K1,750 yonse pa thumba, wa matumba 8 alandira K14,000. Njira yachiwiri: tigawane K1,000 pa thumba, wa matumba 8 alandira K8,000, ndipo K600,000 itsala m'gulu. Tikakongola ndalama yochepera ndi K600,000 chaka chamawa pa mgwirizano womwewu, tipulumutsa K96,000 ya chiwongola dzanja. Komiti mwina ikufuna njira yachiwiri, ndipo mudzayesedwa kuilemba ndi malemba aakulu n'kubisa kuti K96,000 si ndalama yambiri. Musatero. Zonse ziwiri zikhale ndi kukula kofanana, ndipo pansi pake palembedwe kuti kugawana kulikonse kudikira wogula uja alipire. Onaninso malamulo a gulu lanu, chifukwa ngati amalamula kuti gawo lina la phindu lizisungidwa chaka chilichonse, gawo limenelo lichotsedwe kaye musanaike njira ziwirizi.

Magetsi musawadalire. Koperani masilaidi asanu ndi awiriwo pa mapepala aakulu a filipi tchati ndi maka yakuda, mutenge ndi selotepi.

Chomaliza: yesani pa anthu atatu Lachinayi

Sankhani mamembala atatu osakhala a mukomiti: wachikulire mmodzi, mayi mmodzi amene sawerenga, ndi wina wodziwika ndi kukayikira zinthu. Afotokozereni monga mudzachitire Loweruka. Mukamaliza musafunse kuti "Mwamva?" Kwathu kuno munthu sauza mlangizi pamaso kuti sanamve, aliyense adzati eee. Funsani chonchi: "Mayi, mukakafika kunyumba abambo akakakufunsani kuti kumsonkhano kwatha zotani, mukawauza chiyani?" Kenako khalani chete. Kwa achikulirewo nenani kuti, "Agogo, inu munabweretsa matumba asanu. Tikagawana lonse mulandira zingati?" Akayankha K8,750, kapena akati chapafupi ndi K9,000, silaidiyo yagwira ntchito.

Mvetserani kwambiri mayankho olakwika, chifukwa amaloza pamene pakudontha. Akati gulu lapindula K10,000 pa thumba, ndiye kuti miyala munaichotsa mothamanga. Akati ndalama ya makina ili kubanki, khasu lija simunalimalize. Akafunsa kuti tilandira Loweruka lomwelo kapena Lolemba, silaidi ya mandasi yafooka, ikwezeni patsogolo kapena muibwereze pa silaidi yovotera. Ndipo mukamva mmodzi wa iwo akufotokozera mnzake ndi mawu ake, mwina ati "ndalama idakali kuthengo" ponena za wogula uja, lembani mawu amenewo pompo, mukafufute anu pa silaidi muike akewo.

Loweruka msonkhano ukatha, mapepala a filipi tchati aja musapite nawo kunyumba. Amateni kukhoma kwa nyumba yosungiramo soya, pafupi ndi sikelo, pamodzi ndi kope limodzi la lipoti lonse la akauntanti. Pa pepala la ngongole ya matumba 60 musiye mpata pansi woti msungichuma adzalembepo tsiku limene ndalamayo yalowa.